Kalamulo ka a wa Chisipanishi kaja, miyezi yapitapo tsopano

"Achemwali, chaka chatha munatilembera kalamulo kakuti mu Chisipanishi akakhala munthu ikani a, chikakhala chinthu musaike. Ine kakundisokoneza, ena akuti busco un médico ena busco a un médico. Inuyo mukukagwiritsabe ntchito?"

Eee ndikukagwiritsabe achimwene, ndipo sindingakuuzeni kuti mukataye ayi. Kakhadi ka lamuloli komwe anatipatsa aphunzitsi kusukulu yamadzulo kuno ku Valencia kakadali mchikwama, kanathothoka mmakona ndi kupindapinda. Koma pano nditakhala nako miyezi yonseyi, pantchito yosamala agogo, kuchipatala, mbasi, pafoni ndi ana awo, ndikuona bwinobwino pomwe kamagwira ndi pomwe kamakusiya panjira.

Pomwe kamagwira mposavuta. Munthu amene ntchito ya mneni ikuthera pa iye, pamtherankhani paja tinkaphunzira ku pulayimale, ngati ali ndi dzina kapena ndi wodziwika kuti ndi uje, a ayenera kukhalapo basi. Veo a Juan, koma veo la casa. Espero a mi hermana, koma espero el autobús. Conozco a tu madre, koma conozco Madrid. Akakumana ndi el amaphatikana nkukhala al, ngati llamo al médico. Apa kakhadi sikanandinamizepo, olo anthu atakhala gulu monga conozco a tu familia. Chimodzi chokha choti ife a Chichewa tisamale nchakuti a ameneyu si wa ulemu ngati wa a Phiri kapena a Banda. Wakuba nayenso amamulandira, vi al ladrón, khanda nalonso, ndipo wochita ntchitoyo samulandira olo atakhala mfumu, mumati Juan vino osati a Juan vino. Ntchito yake nkuonetsa yemwe zikumuchitikira, ndiye poti mawu a Chisipanishi amatha kusinthana malo mchiganizo, a Juan lo llamó Ana imamvekabe kuti woimba foni ndi Ana ngakhale Juan ndi amene ali kutsogolo. Achibale a ku Tete omwe anazolowera Chipwitikizi ndi amene amavutika kwambiri apa chifukwa kwawo amangoti vi o João popanda kanthu pakati.

Komanso musadalire khutu lokha. Agogo akamandiuza kuti llama a Ana, chomwe chimafika mkhutu ndi llamana, ma a onse atatu aphatikana kukhala mmodzi wotalikirapo pang'ono. Ukamangomvetsera utha kuganiza kuti eni chilankhulo samutchula, pomwe polemba meseji amamuika ndithu.

Tsopano za dokotala wanuyo, apa mpamene kakhadi kali kosakwanira, chifukwa dokotala ndi munthu nthawi zonse koma a sabwera nthawi zonse. Funso lenileni si lakuti ndi munthu kapena ayi, koma lakuti mmutu mwanu muli nkhope ya munthu wina wake kapena mukungofuna aliyense wa ntchito imeneyo. Ndikupatseni mmene zimayendera tsiku lomwe agogo adwala.

Mmawa atupa miyendo, sangathe kutsika masitepe, ndiye ndikuimba foni kukiliniki. Sindikusankha, aliyense amene angabwere kunyumba ndi yemweyo. Ndimati busco un médico que venga a casa. Palibe a pakati pa busco ndi un médico, ndipo taonani mneni wachiwiriyo, ndi venga osati viene, mtundu uja wa mneni umene amagwiritsa ntchito pa zinthu zosatsimikizika, chifukwa mwina dokotala wotereyo palibe nkomwe. Mawa lake ndapita kukiliniki komweko kukatenga pepala lomwe dokotala wabwera dzulo uja anaiwala kusayina, dzina lake sindinaligwire koma nkhope ndikuidziwa, wamtali wamagalasi. Pawindo ndimati busco a un médico que vino ayer a casa. Apa a walowa, un akadalipo chifukwa mayi wa pawindoyo sakudziwa kuti ndikunena uti, koma ineyo ndikudziwa, ndipo mneni wasintha wakhala vino, chinthu choti chinachitikadi. Mayi uja akangoyang'ana pakompyuta nkupeza kuti anapita ndani, tonse awiri tsopano tikumudziwa, ndiye kuyambira pamenepo ndi busco al médico que vino ayer. Dokotala ndi mmodzimodzi kapena ayi zilibe kanthu, chomwe chasintha ndi mmene akudziwikira.

Ifeyo izi sizachilendo kwenikweni. Mukanena kuti ndikufuna dokotala aliyense amamva kuti mukudwala, koma mukati ndikumufuna dokotala uja, ka mu kalowa, anthu amadziwa kuti pali munthu wake. Sizofanana ndendende, koma ine ndimayesera pamenepo ndikakayika, ngati mu Chichewa mu akukhala bwino ndiye kawirikawiri a nayenso akhala bwino.

Nchifukwa chake pazitseko za malo odyera mumaona buscamos camareros popanda a, akufuna anthu operekera zakudya, aliyense. Necesito una enfermera ndi chimodzimodzi, koma necesito a la enfermera de ayer ndi nesi wake wadzulo uja. Ndipo pa querer kusiyanaku kumafika mpaka pa tanthauzo, quiero un hijo ndiye kuti ndikufuna nditakhala ndi mwana, pomwe quiero a mi hijo ndiye kuti mwana wanga ndimamukonda. Pamenepa ndiye musalakwitse dala, ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Koma musatenge zimenezi nkuzifalitsa pa mneni aliyense. Kusankha koti muike kapena musaike kumagwira bwino pa aneni ofunafuna, buscar, necesitar, querer, chifukwa chinthu chofunidwa chitha kukhala choti palibe. Munthu amene wamupatsa moni kapena wamuperekeza aliko basi, ndiye saludé a un médico kapena acompañé a una señora zimatenga a ngakhale dzina lake simukulidziwa. Kuchotsa a pamenepo kumamveka molakwika kwa aliyense.

Kenako pali tener, amene aphunzitsi anangolemba kuseri kwa kakhadi kuti satenga a. Zoona mukamawerenga anthu omwe muli nawo, tengo dos hermanos, tengo un jefe muy bueno. Koma mneni yemweyu akamanena komwe munthu wako ali kapena mmene alili, a amabwerera. Mzanga wa ku Ecuador yemwe timasinthana mashifiti akapempha kuti ndimugwirire tsiku amati tengo a mi hijo en el hospital, kapena tengo a mi madre enferma. Sakundiuza kuti ali ndi mwana, zimenezo ndikudziwa kale, akundiuza kuti mwana wake uja ali mchipatala. Ndiye chizindikiro chake nchimenecho, mukaona kuti pambuyo pa munthuyo pakubwera malo kapena mkhalidwe, ndipo munthuyo ndi mi hijo, mi madre, wodziwika, ikani a.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nadie. Mwanzeru zathu utha kunena kuti nadie ndi palibe munthu, nkhope palibe, ndiye a alowa bwanji. Koma nadie, alguien ndi quién amatenga a nthawi zonse akakhala pamtherankhani, no veo a nadie, ¿has visto a alguien?, ¿a quién buscas? Ndipo amapambana ngakhale lamulo la tener lija. Agogo amene ndimawasamala aja, ana awo onse ali kutali, ndiye madzulo ena akakhala pampando wawo pafupi ndi windo, bulangete pamiyendo, amayamba kudandaula kuti no tengo a nadie, ndilibe aliyense. Chiganizo chimenecho ndachimva kwa okalamba angapo ndipo onse amachinena ndi a. Mneni yekhayo amene sagonja ndi hay. Ameneyu satenga a zivute zitani, hay un hombre en la puerta, hay alguien, no hay nadie. Ndiye sungani ziwirizi pamodzi, no hay nadie koma no veo a nadie, mukaziloweza ngati mapasa sizisokonezanso.

Nyama ndizidumpha mwachangu chifukwa yankho lake ndi lomwe lija la nkhope. Galu wa pakhomo, wa dzina, amamutenga ngati munthu, llevo a mi perro al veterinario. Galu wongodutsa mumsewu, vi un perro en la calle. Nkhuku ya pamsika ilibe a, compré un pollo. Pakatikati apo anthu amasiyana malinga ndi mmene akuikondera nyamayo, ndipo palibe amene angakudzudzuleni.

Pomwe ndimaimabe kaye ndisanayankhule ndi pamene anthu awiri akumana mchiganizo chimodzi onse akufuna a. Chifukwa palinso a wina, wotanthauza kwa, ngati doy la medicina a la señora, ameneyo ndi wa wolandira ndipo amakhalapo nthawi zonse. Tsono mukamadziwitsa mchemwali wanu kwa dokotala, presenté a mi hermana al médico imanenedwa koma itha kusokoneza kuti wadziwitsidwa kwa mzake ndani. Nde amaloleza kuchotsa a woyambayo, presenté mi hermana al médico, wotsala ndi a ndiye wolandira. Likakhala dzina lenileni saloleza, limakhala presenté a Ana al médico. Izi zilinso mu Diccionario panhispánico de dudas, buku la 2005 la Real Academia Española, bungwe losamalira Chisipanishi, ndi ma akademi anzake, mutha kulitsegula ulere pafoni nkufufuza pa chilembo a, ine ndimakaonako ndikakangana ndi anzanga a mkalasi.

Palinso malo ochepa omwe chinthu wamba chimatenga a, ngati el invierno sigue al otoño, chifukwa zonse ziwiri ndi zinthu ndiye pafunika kuonetsa chotsatira ndi chotsatidwa. Zimenezi zisakusowetseni tulo panopa, zimapezeka kwambiri pa aneni a mndandanda ngati seguir ndi preceder.

Ndiye kakhadi kaja ngati mukungoyamba kumene kagwiritseni ntchito mmene kaliri, chifukwa kusiya a pa Juan kapena pa mi madre kumamveka msanga kuposa kumuika pa un médico pomwe sanafunike. Ine changa ndinachita kuwonjezera ndi bolopeni pansi pake mizere itatu, woyamba wakuti uti ameneyo, ndikumudziwa? wachiwiri wa hay kuti ayi nthawi zonse, wachitatu wa nadie, alguien ndi quién kuti eee pa aneni ena onse. Meseji ya dokotala wanuyo nditumizireni yonse ndi mneni wachiwiri yemwe, kuti ndione ngati pali venga kapena vino, tikatero ndikuuzani ngati a akufunika.