NOR yekhayekha, NAND, kapena machipi osakaniza: pampu ya kuno ku Salima

Anzanga amene timakonza nawo mapampu a sola kuno ku Salima akhala akundifunsa chifukwa chimene ndimasungira CD4001 wambiri m'bokosi langa. Yankho langa ndi lakuti mtengo wa dera la magetsi umawerengedwa pa machipi, osati pa mageti. Chipi chimodzi cha CD4001 chimakhala ndi mageti 4 a NOR, ndipo mumalipira onse ngakhale mugwiritse ntchito awiri okha.

Tengani pampu yodzazira thanki. A ndi 1 sola ikamapereka mphamvu zokwanira, B ndi 1 magetsi a ESCOM akakhalapo, C ndi 1 thanki ikadzaza. Pampu iyake, ndiye kuti F akhale 1, ngati A kapena B alipo, koma thanki isanadzaze.

```
F = (A + B) · C'
X = NOR(A, B)
F = NOR(X, C)
```

NOR amatulutsa 1 pokhapokha zolowa zake zonse zikakhala 0. Choncho geti lachiwiri limayatsa pampu pamene X ndi 0, kutanthauza kuti mphamvu ilipo, komanso C ndi 0, kutanthauza kuti thanki ili ndi malo. Ntchito yatha ndi mageti awiri, ena awiri atsala.

Njira yosakaniza, yomwe ambiri timayamba nayo pophunzira, imafuna OR, NOT ndi AND, ndiye kuti machipi atatu: 7432, 7404 ndi 7408. Ubwino wake ndi umodzi, wakuti wodzakonza pambuyo panu amaliwerenga deralo mosavuta. Koma miyendo 42 yowotcherera m'malo mwa 14, ine ayi.

NAND yekhayekha ndiye mdani weniweni. Amafuna mageti 4: limodzi lotembenuza C, awiri ophatikiza zotembenuzidwazo ndi A komanso ndi B, ndi lomaliza. CD4011 mmodzi akwana, kotero pa ndalama afanana. Kusiyana kumaoneka mwini munda akati pampu izizimanso chitsime chikaphwa, zomwe zimachitikadi mu Okutobala. Tikawonjezera D, amene ndi 1 chitsime chikaphwa, NOR amaphatikiza C ndi D pa geti lachitatu, lachinayi n'kutembenuza, zotulukazo n'kulowa pamene panali C. Zonse zili m'chipi chomwe chija, pomwe NAND wayamba kale kufuna chachiwiri.

Musaganize kuti NOR amapambana paliponse. Kutembenuza kumadya geti limodzi, OR amadya awiri, AND amadya atatu. Dera likakhala la `AB + CD`, NAND amalimaliza ndi mageti 3. NOR mukamusinthira mwachindunji amadya 8, mukachepetsa bwino amafika pa 6, ndipo awo ndi machipi awiribe. Ndiye musanagule, lembani tebulo la zolowa ndi zotuluka, musonkhanitse ma 0 pa mapu a Karnaugh kuti ntchitoyo ikhale ma OR olumikizidwa ndi AND. Ikatuluka yaifupi, ndiponso zolowa zambiri zikakhala zoletsa monga kudzaza kwa thanki, NOR ndiye wotchipa. Ikafupika posonkhanitsa ma 1, tengani NAND.

Chimene chinandipweteka chili pa kusankha NOR wake. Pa sitolo ina ku Lilongwe ndinapempha CD4001, wogulitsa n'kundipatsa 74HC02 akunena kuti ndi chimodzimodzi. Zoona onse ndi NOR anayi m'miyendo 14, koma kufanana kwathera pomwepo. CD4001 amagwira kuyambira mavoliti 3 mpaka 15, choncho batire ya mavoliti 12 amakhala nayo bwinobwino. 74HC02 malire ake ndi mavoliti 6, ndipo pa batire yomweyo amapsa nthawi yomweyo. Kumuikira chotsitsa mphamvu cha 7805 ndi ndalama ina imene simunaiwerengere, pamodzi ndi makapasita ake.

Miyendo nayonso ndi yosiyana. CD4001 amatulutsira pa 3, 4, 10 ndi 11, pomwe 74HC02 amatulutsira pa 1, 4, 10 ndi 13. Mukamulowetsa pa bolodi lopangidwira mnzakeyo, mwendo 1 umene umatulutsa umakumana ndi waya wochokera ku swichi, awiriwo n'kumalimbana. Chizindikiro chake ndi chipi chotentha mukachigwira, kapena pampu yosamvera swichi. Chipi chenichenicho ndi chotchipa, chodula ndi minibasi yobwerera ku Lilongwe ndi tsiku limene dimba la munthu lagona osathiriridwa. Kuchokera pamenepo ndimawerenga ndekha nambala yolembedwa pamsana pa chipi ndisanapereke ndalama, ndipo kusitolo ija sindinapondekonso.

Pa ntchito za batire ine ndili kwa CD4001. Amachedwa poyerekeza ndi 74HC02, koma thanki imadzaza m'maola, ndiye kuchedwako sikuoneka. Mageti otsala musawasiye miyendo yolowera ili lende; ilumikizeni ku nthaka ya dera, ndiye kuti ku negativi ya batire, apo ayi chipi chimadya batire pachabe. Ndipo geti silingakoke rile palokha: ikani thiranzisita pakati, ndi dayodi pa koyilo ya rileyo.