Pepala la okushoni: chithunzi cha wogulitsa kapena kufufuza wekha?

Anzanga atatu andifunsa kale za pepala la okushoni la magalimoto a ku Japan, limene woyendera galimoto amalembapo momwe ilili isanagulitsidwe, ndiye ndiyankhe kamodzi. Njira ndi ziwiri: kukhulupirira chithunzi chimene wogulitsa wakutumizira pa WhatsApp, kapena kulipira kuti akutulutsire pepala lenileni pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi.

Pa mtengo, chithunzi chapambana chifukwa ndi chaulere. Pa liwiro, chimodzimodzi.

Ine chithunzi chomwecho chinandipweteka. Sienta yanga inalembedwa giredi 4 pakona yakumanja kumwamba, m'kati B, kutanthauza galimoto yabwino ya timabala tochepa. Pachojambula cha galimoto panali A1 pachitseko, kumene ndi kukalika pang'ono, ndi U2 kumbuyo, kubonyoka koonekera. Kutsogolo, pa boneti ndi pachitsulo cha pamwamba pa tayala, panali XX kawiri. Wogulitsa anangoti, "Bwana, amenewo ndi mapenti chabe." Bodza. Penti yokonzedwa imalembedwa W, pomwe XX ndi chitsulo chimene chinachotsedwa n'kuikapo china.

XX payokha si mlandu, chifukwa boneti ndi yomangira ndi mabauti, ndipo galimoto yosinthidwa boneti ikhoza kukhalabe 4. Funso ndi lakuti chinaiphwanya n'chiyani, ndipo chinalowa mpaka pati. Yankho limakhala m'bokosi la woyendera galimoto, cha m'munsi kumanzere, lolembedwa m'Chijapani. Pachithunzi changa bokosilo linali lodulidwa theka, ine n'kumati ndi kamera.

Galimoto itadutsa pa Songwe n'kufika mu Lilongwe, panangotha miyezi itatu tayala lakutsogolo linali litadyeka mbali imodzi. Makaniko wa ku Biwi anakweza galimoto, n'kundilozera zowotcherera m'kati mwa chitsulo chogwira injini. Apa m'pamene ndinalipira kufufuza. Pepala lenileni linali ndi R, giredi ya galimoto imene inachita ngozi yokhudza mafupa ake n'kukonzedwa. Munthu wina anafufuta R ija pakompyuta n'kulembapo 4.

Kufufuza nakonso kuli ndi malire. Galimoto imene sinadutse pa okushoni sipezeka, ndipo pepala limanena za tsiku limene inayenderedwa basi. Komanso 4 wa okushoni ya USS salingana ndendende ndi 4 wa okushoni ina. Koma pepalalo limakupatsa makilomita a tsikulo, ndiye ngati pepala likuti 140,000 pomwe wotchi ya makilomita m'galimoto ikuti 70,000, mwadziwa kale. Pambali pa makilomita pakakhala kanyenyezi, *, ndiye kuti wotchiyo inaseweretsedwa. Chaka nachonso muone: H22 ndi 2010, mumangowonjezera 1988 pa nambala yotsatira H, ndipo msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto.

Panopa ndimayamba ndapempha chithunzi cha nambala ya chasisi yodindidwa pachitsulo cha galimoto yeniyeniyo. Wogulitsa akayamba zoti netiweki yavuta, ndimapita kwa wina. Sienta ija ilipobe, ikudya matayala ku Area 25.