Ndemanga pa ntchito yomasulira mawu otsatsa malonda a malo athu odyera

Tili ndi malo odyera ku Senga Bay, ndipo chikwangwani chathu chakhala ndi mawu a Chingerezi akuti "Get hooked", omwe alendo akunja amaseka nawo chifukwa liwu la mbedza m'chinenero chawo limatanthauzanso kukonda chinthu mpaka kulephera kuchisiya. Popeza ambiri otidyera masiku ano ndi mabanja ochokera ku Lilongwe ndi pa boma la Salima, tinapempha mayi wina womasulira kuti atikonzere mawuwa m'Chichewa.

Asanalembe kanthu anatifunsa chimene chimaseketsa anthu m'mawuwo ndi chimene tikufuna kasitomala achite akawerenga. Kenaka anatifotokozera chifukwa chake "Kodwani ndi mbedza" sangagwire ntchito. Kwa ife a kunyanja, nsomba yokodwa ndi yopusitsidwa ndi nyambo ndipo mapeto ake ndi pamoto, choncho munthu angamve ngati tikumutchera msampha pa mtengo wa chakudya. Anayesanso "Mukalawa simusiya", koma iwo eni anawakana, ponena kuti tanthauzo lilipo koma nsomba ndi nthabwala zasowa, moti ngakhale wogulitsa mandasi akhoza kuwalemba pa beseni lake.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anasiya mbedza n'kufunafuna nthabwala yathu yomwe imagwira ntchito yofanana. Anaipeza m'mawu amene timanena kwa alendo, akuti wodya mutu wa chambo sachoka kunyanja, ndipo analemba kuti "Mukadya mutu, kwanu mwaiwala." Sanatipatse mawuwa asanawayese. Anawawerengera anthu asanu ndi atatu pa msika wa Kamuzu Road osawauza za malonda athu, n'kuwafunsa chimene akuganiza kuti chikugulitsidwa. Asanu anatchula chambo akuseka, koma mayi wina wachikulire anakwinya nkhope nafunsa kuti, "Mutu wa chiyani, mwanangu?" Apa m'pamene zinaoneka kuti mutu wosatchulidwa mwini wake ukhoza kutengera maganizo a munthu ku nkhani za ufiti. Mawu omaliza anakhala akuti "Mukadya mutu wa chambo, kwanu mwaiwala", ndipo ngakhale atalikirapo, palibenso amene anawamva molakwika.

Chodandaula changa n'chakuti sanafunse kukula kwa chikwangwani. Mawu awiri a Chingerezi anasanduka asanu ndi limodzi, moti wolemba zikwangwani anachita kuwagawa m'mizere iwiri ndi kuchepetsa zilembo, ndipo munthu wodutsa pa galimoto amavutika kuwerenga mzere wachiwiri. Ntchito inatenganso masiku 9 m'malo mwa 5 amene tinagwirizana, ngakhale kuti anatidziwitsa msanga kuti akufuna kuyesanso mawu okonzedwawo.

Ndikhoza kuwapatsanso ntchito mosakayika, koma ulendo uno ndidzayamba ndawapatsa miyeso ya chikwangwani. Mwezi uno matebulo angapo aitanitsa chambo ndi kutsindika kuti tisachotse mutu.