Kuphimba ndi kufafaniza: njira zitatu zobisira nambala ya chiphaso mu PDF

Tiyerekeze kuti muli ndi kalata ya ntchito ya masamba atatu mu PDF, ndipo mwini nyumba imene mukufuna kuchita lendi akufuna umboni wa malipiro anu, koma patsamba loyamba pali nambala ya chiphaso cha unzika imene simufuna kuti aione.

Anthu ambiri amangojambula kabokosi kakuda pamwamba pa nambalayo n'kutumiza. Njira imeneyi ndi yachangu, koma ndi imene ndimaiopa kwambiri, chifukwa mu PDF zilembo zimasungidwa pazokha ndipo kabokosiko kamangokhala ngati nsalu yoyalidwa pamwamba pake. Wolandira akadina Ctrl+A, kenako Ctrl+C, n'kumata zimene wakopazo mu Notepad, nambala yonse imatuluka yathunthu. Ngakhale maloya anakodwapo: mu 2019 oimira Paul Manafort, yemwe anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump ku America, anapereka kukhoti chikalata chophimbidwa chonchi, ndipo atolankhani anawerenga mizere yobisidwayo mwa kungokopa ndi kumata.

Chida cha Redact, chimene chili mu Adobe Acrobat Pro komanso mu Preview ya pa Mac, chimagwira ntchito mosiyana, pakuti chimachotseratu zilembozo m'fayilo n'kusiya malo akuda opanda kanthu pansi pake. Mu Acrobat, kuika chizindikiro pa nambala sikukwanira. Muyenera kudina Apply, apo ayi nambalayo ikadalipo. Ndi bwino kusunga fayilo yatsopanoyo ndi dzina lina, popeza chimene mwafafaniza sichibwereranso, ndipo kalata yoyambirira mudzaifunabe. Vuto la Acrobat Pro ndi lakuti ndi yolipira.

Kwa amene alibe mapulogalamu amenewa, pepala likadali lodalirika, malinga mukasamala. Sindikizani kalatayo, dulani nambalayo ndi lumo kapena matanipo kapepala kokhuthala, kenako jambulani tsambalo ndi kutumiza chithunzicho. Cholembera chakuda pachokha sindichikhulupirira, chifukwa inki ya pulinta imanyezimira mosiyana ndi ya cholembera, moti pepala likapendekedwa pa kuwala manambala amaonekera. Chimodzimodzinso cholembera choonekera mkati cha pa foni: munthu akawonjezera kuwala kwa chithunzi, zimene zinali pansi zimatha kuwerengeka.

Pa zitatuzi ine ndimasankha Redact, ndipo pepala limabwera pachiwiri. Koma njira iliyonse imene mwatsata, tsegulaninso fayilo yomalizayo, dinani Ctrl+F, ndipo lembani zilembo zinayi zoyambirira za nambalayo. Ngati fayiloyo ndi chithunzi chabe, kufufuzaku sikupeza kanthu ngakhale nambala ilipo, choncho muyenera kuyang'ana tsamba lililonse ndi maso. M'kalata ngati ya chitsanzo chathu, nambala imakonda kubwerezedwa m'munsi mwa tsamba lomaliza pafupi ndi siginecha, ndipo ngati pali QR code, nayonso ifafanizidwe, chifukwa ikhoza kukhala ndi nambala yomweyo imene foni yamakono iliyonse ingaiwerenge.