Cron amasunga nthawi, koma sabweza tsiku limene laphonyeka

"Papita miyezi chiikireni mzere wa cron wosungira mafayilo uja, kodi ukugwirabe ntchito ndipo tingaudalire?"

Mungaudalire pa chinthu chimodzi, chimene ndi kuyambitsa pulogalamu pa nthawi yeniyeni imene mwauuza, malinga ngati kompyuta yayaka pa mphindi imeneyo. Pa kompyuta ya mu ofesi yathu, imene ili ndi Debian, mzerewo ndinaulemba kudzera mu `sudo crontab -e` ndipo mpaka lero sunasinthe:

```
30 12 * * * /usr/local/bin/sunga.sh >> /var/log/sunga.log 2>&1
```

Nambala yoyamba ndi mphindi, yachiwiri ndi ola, ndipo nyenyezi zitatuzo zikuimira tsiku lililonse la mwezi, mwezi uliwonse ndi tsiku lililonse la sabata. Ambiri amasankha usiku, koma ine ndinasankha 12:30 masana chifukwa pa nthawiyo anthu amakhala atapita kukadya, mafayilo sakusinthidwa, komanso kompyuta imakhala yoyaka, pamene usiku wotseka ofesi amatha kuzimitsa chilichonse pakhoma. Musanakhulupirire ola limene mwalemba, onani kaye `timedatectl`, pakuti makina ambiri amayendera nthawi ya UTC, imene ili m'mbuyo ndi maola 2 poyerekeza ndi nthawi ya ku Malawi, kotero kuti 12:30 yanu ingasanduke 14:30.

Chofooka chachikulu chinaonekera pamene magetsi anayamba kuthimathima. Cron amayang'ana ndandanda yake mphindi iliyonse, ndipo ngati kompyuta inali yozima pa 12:30, ikayakanso sabwerera m'mbuyo kukachita zimene zinatsala, koma amangodikira 12:30 ya mawa lake. Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti salemba dandaulo lililonse, chifukwa pa nthawiyo iye mwini sanali kugwira ntchito. Mu `sunga.log` munalibe cholakwika, ndipo `journalctl -u cron` sanasonyeze kanthu pa ola limenelo. Umboni unali pa disiki yosungirayo basi, pamene mayina a mafayilo, amene amakhala ndi deti, analumpha kuchoka Lolemba kufika Lachitatu. Munthu amene amangofufuza mauthenga a zolakwika akhoza kukhala milungu yambiri mtima uli m'malo pamene masiku akusowa.

Pali pulogalamu ya anacron imene imabweza ntchito zophonyeka, koma imawerenga masiku osati maola, ndipo ine ndinkafuna ola lokhazikika. Choncho ndinawonjezera mzere wachiwiri:

```
@reboot sleep 300; find /mnt/zosunga -name '*.tar.gz' -mtime -1 | grep -q . || /usr/local/bin/sunga.sh
```

Kompyuta ikayaka, mzerewu umadikira mphindi 5 kuti disiki ikhale itakonzeka, kenako umafufuza ngati pali fayilo yosungidwa m'maola 24 apitawo, ndipo ikapanda kupezeka umayambitsa kusungako nthawi yomweyo. Tiyerekeze kuti Lolemba zonse zinayenda bwino pa 12:30, koma Lachiwiri magetsi anathima 11:00 m'mawa n'kuyaka 15:00 masana. Fayilo yomaliza idzakhala itatha maola opitirira 26, ndiye kusunga kudzachitika. Koma magetsiwo akanayaka 9:00 m'mawa, fayiloyo ikanakhala isanakwane maola 21, mzere wachiwiriwo ukanangodutsa, ndipo woyamba uja ukanagwira ntchito yake pa 12:30 monga mwa nthawi zonse. Chiikireni zimenezi, tsiku limasowa pokhapokha ngati kompyuta inali yozima pa 12:30 ndipo sinayakenso tsiku limenelo, kapena inayakanso fayilo yomaliza isanakwane maola 24.

Njirayi ili ndi malire ake amene ndikufuna muwamvetse bwino. Lamulo la `find` limangoona dzina ndi nthawi ya fayilo, silidziwa ngati zam'katimo zili zathunthu. Magetsi akathima kusunga kuli mkati, pamatsala fayilo yoduka imene imaoneka ngati ya lero, ndipo mzere wachiwiri umanamizika. N'chifukwa chake `sunga.sh` ayenera kulemba kaye fayilo ya dzina lothera ndi `.tmp`, n'kuisintha dzina ndi `mv` pokhapokha `tar` akamaliza bwino. Mkati mwa pulogalamuyo ndi bwinonso kulemba njira yonse ya lamulo lililonse limene silili mu `/usr/bin` kapena `/bin`, popeza kawirikawiri cron amafufuza m'malo awiri okhawo, ndipo ichi n'chimene chimachititsa kuti pulogalamu iyende mukaiyambitsa ndi manja koma ikane ikayambitsidwa ndi cron.

Lachisanu lililonse ndimayang'ana madeti ndi kukula kwa mafayilo pogwiritsa ntchito `ls -lh /mnt/zosunga`, ndipo kamodzi pa mwezi ndimatsegula imodzi pa kompyuta ina kuti ndione ngati zikalata zikuwerengeka. Fayilo ikachepa mwadzidzidzi poyerekeza ndi ya dzulo lake, ndimayamba ndi `df -h` kuti ndione ngati disiki yadzaza.