Ndemanga: Inactive Account Manager ya Google, ndi mnyamata amene anafulasha foni ya malemu achimwene

Nyenyezi zisanu kwa Inactive Account Manager, njira ya Google yoperekera za mu akaunti yako kwa anthu amene unawasankha ukadzasiya kuigwiritsa ntchito. Kwa mnyamata wokonza mafoni wa m'kanjira kakuseri kwa depoti ndinati ndimpatsa imodzi, koma muona kutsogoloku chifukwa chake ndawonjezerapo ina.

Achimwene anatisiya mu Malichi. Pa banja lathu ndiwo anali ojambula. Kaya ndi chinkhoswe, ubatizo, kaya tapita kukaona amayi kumudzi, iwo foni m'manja basi, mwakuti pa zithunzi zambiri eni akewo palibe. Zonse zinali mu foni yawo ya Android, yotsekedwa ndi patani imene ngakhale alamu sankaidziwa. Maliro atatha alamu ankangoitchaja n'kumayankhirapo anthu opepesa, poti kuyankha foni sikufuna patani.

Chakumapeto kwa Epulo tinafuna chithunzi chabwino choti tikulitse, ndiye ndinainyamula ulendo kwa mnyamata uja. Ndinamuuza mawu awa, ndipo alamu ndi mboni: foniyi sitikuifuna, tikufuna zithunzi zili m'katimo. Iye osandiyang'ana n'komwe, maso ali pa foni ina imene ankaiwotcha ndi kachitsulo, anangoti, "Musadandaule anti, mphindi 30 zokha, 15 sauzande." Ndinalipira. Titabwerako anatipatsa foni ikuwala bwinobwino, patani yachoka, koma ili mbee ngati yochokera m'katoni. Anaifulasha. Kufulasha kwa mtundu umenewu n'kufufuta zonse za mu foni, ndipo iye ankadziwa zimenezo asanaigwire. Komanso sinkatseguka n'komwe: inaima pa sikirini yofunsa imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene inalimo kale. Chimenechi ndi chitetezo choti wakuba asamangofufuta foni n'kukaigulitsa. Nditamufunsa za zithunzi anandiyankha akutafuna chingamu kuti, "Zili pa kilaudi anti, ingolowetsani pasiwedi." Pasiwedi yake iti? Tikanakhala nayo tikanabwera kudzatani kwa iwe? Kenako anati ndiwonjezere 10 sauzande adutse sikiriniyo. Ndinatenga foni n'kumapita. Alamu analira mu minibasi njira yonse, ine manyazi ndi mkwiyo, poti nzeru yopita kumeneko inali yanga.

Ndinayang'anako fomu imene Google inaika ya abale a munthu womwalira. Imafuna chiphaso chanu ndi chikalata cha imfa. Akhoza kutseka akauntiyo, ndipo nthawi zina amapereka zam'katimo akaunika nkhani yanu, koma pasiwedi sapereka kwa wina aliyense. Pamenepo sindingawanene. Akanamapereka, ndiye kuti aliyense wobwera ndi pepala bwenzi akuwerenga makalata a mnzake. Tinangozisiya, n'kukulitsa chithunzi cha pa chiphaso.

Kumapeto kwa Julaye ndili ku ntchito, imelo inalowa. Mutu wake unali wa Chichewa, ndipo mawu oyamba anali akuti, "Mchemwali wanga, ukaona kalatayi usachite mantha." Ndinaimirira osadziwa kuti ndikupita kuti. Anali mawu a achimwene, kalembedwe kawo komwe kosaika mpumiro. Anati zithunzi ndigawane ndi alamu, ana asadzasowe nkhope ya agogo awo. M'munsi mwake munali mawu a Chingerezi a Google, ofotokoza kuti mwini akauntiyo anapempha kuti imeloyi itumizidwe akadzasiya kugwiritsa ntchito akaunti yake, ndi kuti wandilola kukopera za mu Google Photos ndi Google Drive. Za mu Gmail sanandipatse, ndipo ndinaseka misozi ili m'maso, poti ndi mmene analili, makalata awo sankafuna wina awagwire.

Ndiye kuti munthuyu anakonza zimenezi kalekale osauza aliyense. Ndi mmene Inactive Account Manager imagwirira: tsiku limene munthu akukulembani dzina simulandira uthenga uliwonse. Mumadzadziwa nthawi imene iye anasankha ikakwana, miyezi 3, 6, 12 kapena 18 akauntiyo ili duu. Achimwene anasankha 3.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga pa mnyamata uja unatsikako pang'ono, ngakhale sindikufuna kuvomera. Nditawerenga miyezi ndinaona kuti siikuyambira mu Malichi, ikuyambira mu Epulo. Google siidziwa kuti munthu wamwalira. Imangoona ngati wina walowa mu akaunti, ngati Gmail ikutsegulidwa, ngati foni ya Android ikulumikizana nawo. Foni ija mmene alamu ankaitchaja, ili ndi intaneti yake, kwa makinawo achimwene anali moyo. Akanapitiriza kuisunga choncho chaka chonse, ngati mmene ambiri timasungira foni ya malemu, imelo ija sikanabwera. Mnyamatayo poifulasha anaichotsa pa akauntiyo, miyezi n'kuyamba kuwerengedwa. Anatithandiza mwangozi, ngati munthu amene wakugwetsa n'kukupezetsa ndalama pansi. Njira yake yosawononga inali kungoizimitsa foniyo n'kuiika mu dirowa.

Alamu nawo anakumbukira kuti mu Juni, pa simu ya achimwene imene anaiika mu foni yawo, panabwera uthenga wa Chingerezi wonena za akaunti. Anauyesa wa akuba a pa foni aja amanama kuti mwawina, n'kuufufuta. Linali chenjezo limene limapita kwa mwini akaunti kutatsala mwezi umodzi, kuti ngati ali moyo alowe aimitse zonse.

Kutsegula zithunzizo kunatsala pang'ono kundikanika. Ukadina pa imelo ija, amatumiza nambala yotsimikizira ku foni imene mwini akaunti analemba kuti ndi yako. Achimwene analemba nambala yanga yakale, imene ndinasiya kuimbira zaka ziwiri zapitazo. Mwayi wake simuyo ili mu kafoni ka mabatani kamene ndimalandirirako ndalama za ku banki m'khonde. Ndinathamangira kunyumba masana, batire itatheratu, magetsi kulibe, mpaka ndinakapempha kwa aneba a sola. Nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali makampani a foni amaitseka n'kuipatsa munthu wina. Ikanakhala kuti yanga inapita choncho, chikonzero chonse cha achimwene chikanagwera pa chitseko.

Amakupatsa miyezi 3 yoti ukopere. Sikuti umalowa mu akaunti n'kumayendamo ayi, umalandira mafayilo akuluakulu a zip. Athu onse pamodzi anali pafupifupi ma GB 11, ndiye za bandulo ya pa foni iwalani. Ndinakopera pa laputopu ya ku ntchito madzulo atatu, abwana atandilola. Mukamasula musadabwe kuona timafayilo tothera ndi .json pambali pa zithunzi. Ine ndinatsala pang'ono kutifufuta poganiza kuti n'zinyalala, koma ndi mmene muli tsiku lojambulira ndi zina zokhudza chithunzicho. Tisiyeni.

Munali zithunzi zoposa 4,000. Muli amayi akupeta mpunga pakhonde, chitenje chitatsetsereka paphewa, akukalipira wojambulayo. Muli kavidiyo ka mwana wawo woyamba akuphunzira kuyenda, mawu a achimwene akumveka kumbuyo kuti "bwera, bwera kwa adadi".

Koma si zonse zinabwera, ndipo apa nyenyezi za mnyamata uja zikuthera pa ziwiri. Google Photos imasunga yokha zithunzi zojambulidwa ndi kamera ya foniyo. Zimene anthu amakutumizira pa WhatsApp zimakhala mu foda ina, ndipo sizipita pa intaneti pokhapokha utailola foda imeneyo. Achimwene sanatero. Zithunzi za pa chinkhoswe chawo, zimene anajambula anthu ena n'kuwatumizira, zinali mu foni mokha. Foniyo ikanangokhala yotseka mwina tsiku lina mwana akanakumbukira patani, poti ana amaonerera chala cha bambo awo. Tsopano palibenso choti akumbukire.

Sabata yomweyo ndinakonza Inactive Account Manager ya pa akaunti yanga. N'zaulere, ndipo sizinanditengere mphindi 15. Mukalowa mu Manage your Google Account mupite pa Data & privacy, mutsike mpaka pa Make a plan for your digital legacy, kapena mungolemba izi:

```
myaccount.google.com/inactive
```

Ine ndinasankha miyezi 6, chifukwa nthawi yokolola ndimakhalitsa kumudzi kopanda netiweki ndipo sindikufuna anthu alandire kalata ya maliro ndili moyo. Amalola anthu mpaka 10, aliyense ndi zake zimene ungamulole. Ndinaika awiri, mwamuna wanga ndi mng'ono wanga, kuti wina nambala ikamutayika winayo alandire. Ndinawauza pamaso, kusiyana ndi achimwene, ndipo ndinawauzanso kuti foni yanga adzaizimitse, asadzaipititse kwa wina aliyense. Mwamuna wanga anati ndikuitana tsoka. Ndinamuonetsa chithunzi cha amayi chija, anakhala chete, mawa lake anakonza yake.

Kumapeto amakufunsa ngati ukufuna akauntiyo idzafufutidwe pakapita miyezi 3 kuchokera pamene nthawi imene unasankha ija yakwana. Ndinakana, poopa kuti anthu ali pa chisoni akhoza kuchedwa kukopera. Komabe musaganize kuti ikhala mpaka kalekale. Kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Amene mumalipira malo oposa ma GB 15 amene Google imapereka ulere, kumbukiraninso kuti khadi la ku banki la munthu womwalira limasiya kugwira, akaunti n'kubwerera pa 15. Zimene zilimo sizichoka tsiku lomwelo, koma akaunti yokhala yodzaza mopitirira zaka 2 nayonso zake zikhoza kufufutidwa. Ine za achimwene ndinaziika pawiri, pa hadi diraivi imene ili kwa alamu ndi pa akaunti yanga. Foda ya WhatsApp Images ndinaiyatsa pa Back up device folders mu Google Photos, ngakhale ikudya malo ndi zithunzi za "mwadzuka bwanji" za pa gulu la kumpingo.

Kwa mnyamata uja ndinadutsako mwezi watha. Ndinamuuza kuti munthu akabwera ndi foni ya malemu azimuuza kaye kuti kufulasha kumafufuta zonse. Anati, "Anthu safunsa anti." Ndinamukumbutsa kuti ine ndinafunsa. Anandibwezera 5 sauzande, yotsalayo akuti inapita ku magetsi a jenereta. Foni ikadali mu dirowa kwa alamu, pa sikirini yomwe ija. Za chinkhoswe ndikupemphabe kwa achibale mmodzimmodzi, pano ndapeza zisanu ndi ziwiri, zitatu mwa izo achimwene atatsinzina.