Masitika 1,000 olembedwa 500g pomwe botolo langa ndi la 400g

Ndakhala ndikupulintitsa masitika a chiponde changa pamalo ena opulintira kwa zaka ziwiri, oda yoyamba ndi yachiwiri zinayenda bwinobwino. Koma ya ulendo uno nde ayi, abale.

Mtedza utakwera mtengo ndinasintha botolo, ndinasiya la 500g nkuyamba la 400g lomwe ndi lalifupiko, komanso nambala yanga inasintha poti yakale ija inapitira limodzi ndi foni yomwe anandisolola mu minibasi ku Limbe. Nde ndinawalembera pa WhatsApp kuti kulemera kukhale 400g, nambala ikhale yatsopanoyi, ndipo sitika ifupike kuchoka pa 8cm kufika pa 6.5cm chifukwa ikakwera mpaka pokhota pa botolo paja imachita makwinya nkumamatuka. Kumapeto ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti MUSANAPULINTE MUNDITUMIZIRE KAYE NDIONE. Mnyamata wa pa kauntala anangoyankha ndi kachala kaja, ine nkulipira dipoziti ya theka ngati mwa masiku onse.

Lachisanu akundiimbira kuti mayi zatheka bwerani mudzatenge. Ine ndiye zatheka bwanji poti sindinaone kanthu? Iye akuti musadandaule zatuluka bho. Ndafika, ndatsegula katoni, onse 1,000 ndi 500g, nambala ya wakuba uja, saizi yakale yomwe ija. Mutu unandizungulira. Ndikumuonetsa uthenga wanga pafoni yake yomwe, iye osachita ndi manyazi omwe akuti "koma mayi si oda yanu yomwe ija, mungofufuta ndi maka nkulemba 400 pamwamba." Ndi maka! Chakudya chopita mu shopu ya anthu? Kulemera ndi chimodzi mwa zinthu zomwe a MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, amayang'ana pa lebulo, pamodzi ndi zosakaniza, nambala ya bachi ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo kasitomala akagula 500g nkukayeza kupeza 400g amene atchedwe wakuba ndi ine osati iyeyo. Zinadzadziwika kuti uthenga wanga unathera pafoni yakeyo, pa khadi la ntchito anangolemba kuti ripiti, wodizaina nkutsegula fayilo ya chaka chatha nkuitumiza ku makina. Ndinakana kunyamula katoni ija ndipo balansi sindinapereke.

Apa nde ndinene chilungamo, mayi eni ake a malowo atamva phokoso anatuluka, anawerenga uthenga uja mwakachetechete, nkungoti pepani amayi talakwa ndife, tipulintanso mwa ndalama zathu. Sanalimbane nane olo pang'ono. Madzulo omwewo wodizaina ananditumizira PDF, anaitumiza ngati Document osati chithunzi chifukwa akuti WhatsApp imafinya zithunzi, tizilembo tating'ono sitioneka bwino. Loweruka anapulinta sitika imodzi yokha, kuidula, ine ndinabwera ndi botolo langa tinamata pompo.

Kasitika kamodzi kameneka kanandiphunzitsa zinthu. Atafupikitsa dizaini, kabokosi koyera kamene ndimadindapo deti ndi bachi kanachepa nawo, chidindo changa osakwanamo, zomwe pafoni sindikanaziona. Anakakulitsa, ndipo tinagwirizana kuti pamenepo asapakepo zonyezimira zomwe amapaka pamwamba pa sitika chifukwa inki ya chidindo siuma pa malo oterera, imafufutika ndi chala makamaka botolo likakhala ndi timafuta. Gilini wa masamba a mtedza anatulukanso wakuderako kusiyana ndi mmene amaonekera pafoni, akuti sikirini imaonetsa mitundu ya RGB pomwe makina amasakaniza inki za CMYK, nde anamuwalitsako pang'ono. Ndipo chochititsa manyazi, titaimba nambala yomwe inali pa sitikayo inalira kwa bambo ena osawadziwa, ndinasemphanitsa manambala awiri ine mwini polemba uthenga uja. Akanatsatira uthenga wanga osandionetsa, masitika 1,000 akanaonongekabe ndipo wolipira ndikanakhala ine. Mnyamata uja ndinamuona akumwetulira chapansipansi, zinandibaya koma ndinangokhala chete.

Ndinasaina pa sitika yoyesererayo ndi deti, iwo anasunga, ine ndinajambula. Fayilo anaitcha `chiponde_400g_v3.pdf` ndipo yakale ija ndinawauza aifufute ndikuona, kuti isadzatulukenso pa oda ina.

Masitika atsopanowa ndi abwino, akumata zolimba, mitundu ili mwakemwake. Koma sabata yathunthu mabotolo anangokhala mu katoni opanda lebulo, shopu imodzi ya ku Chilomoni inatenga cha munthu wina. Malowa ndikuwapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu basi, ziwiri ndachotsa chifukwa cha wa pa kauntala uja yemwe mpaka lero sananenepo pepani. Ndidzapitakonso koma ndizilankhula ndi mayi aja kapena wodizaina, iyeyo azingondipatsa lisiti.